Ndikuchoka pa chigayo cha mpunga, ndimulembere chiyani wolowa m'malo mwanga?

Mai_wa_Linga:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndine manijala wa chigayo cha mpunga cha kopaletivi ina kuno ku Nkhotakota, ndipo kumapeto kwa mwezi uno ndikuchoka, ndapeza ntchito ina ku Lilongwe. Bodi yapeza kale wolowa m'malo mwanga, mnyamata wochokera ku Salima, ndipo a wapampando andiuza kuti ndimulembere mahandova, kalata yomufotokozera mmene ndikusiyira ntchito. Za makiyi, mabuku ndi katundu wa muofesi sizikundivuta. Zandiimitsa mutu ndi ziwiri. Choyamba, buku la m'nyumba yosungira katundu likuti tili ndi matumba 412 a mpunga wosapuntha, koma titawerenga tapeza 395. Matumba 17 sakuoneka. Wosunga katunduyo ndi bambo amene ndagwira nawo ntchito nthawi yaitali, ndipo umboni woti anaba ndilibe. Ndilembe chiyani za iwowo? Chachiwiri, pali malonjezo amene anaperekedwa pakamwa kwa alimi ndi kwa ogula ena, osalembedwa paliponse. Ndikawalemba, akuluakulu ena a mu bodi sakondwa. Ndikapanda kulemba, mnyamatayu adzagwa m'dzenje.

Chia_Boy:
Lembani chilungamo mayi. Matumba 17 sauluka. Amene amasunga makiyi ndi amene akudziwa.

Gogo_Sungani:
Achimwene, musathamangire kuweruza munthu amene simunamve mbali yake.

Dada_Benga:
Kalatayo isatalike mayi. Mungolemba kuti mukusiya ntchito pa tsiku lakuti, mwapereka notisi ya mwezi umodzi, muthokoze bodi, basi. Zifukwa musalembe.

Mai_wa_Linga:
Zikomo bambo, koma yosiya ntchito ndinapereka kale. Iyi ndi ina, yomusiyira mnzanga ntchito kuti adziwe poyambira.

Akawunti_Kaphatenga:
Mayi, musanalembe liwu lililonse za bambo wosunga katunduwo, tiyeni tione kaye ngati matumba 17 amenewo asowadi onse. Ndagwirapo mabuku a malo ogula mbewu, ndipo nthawi zambiri buku ndi nyumba yosungira zimasiyana popanda wakuba. Ndikufunseni zitatu. Mpungawo munagula uli wouma bwanji? Munauyanikanso n'kuuthiranso m'matumba? Ndipo pali umene unatuluka popanda pepala, mwina mbewu yopita kwa alimi?

Mai_wa_Linga:
Umene tinagula koyambirira kwa June unali wosauma bwino, kachipangizo koyezera chinyezi kankaonetsa cha m'ma 18 peresenti. Anali matumba ngati 200. Tinauyanika pa matenti mpaka unafika 14, kenako tinathiranso m'matumba a makilogalamu 50. Za mbewu, inde, matumba 6 anapita kwa alimi a kumtunda kwa Bua mu December, a wapampando anangolamula pa foni.

Akawunti_Kaphatenga:
Ndiye taonani masamu ake. Mpunga wa makilogalamu 100 umene chinyezi chake chili pa 18, mpunga weniweni ndi makilogalamu 82, otsalawo ndi madzi. Ukauma kufika pa 14, makilogalamu 82 aja sasintha, koma tsopano ndi magawo 86 pa 100 a kulemera konse. Gawani 82 ndi 0.86, mupeza makilogalamu 95 ndi pang'ono. Ndiye kuti thumba lililonse la 50 limataya makilogalamu awiri ndi kanthu. Pa matumba 200, amene ndi makilogalamu 10,000, atayika pafupifupi 465. Mukathiranso m'matumba odzadza, amenewo ndi matumba 9 amene anapita ndi dzuwa. Onjezani 6 a mbewu aja, akwana 15. Amene alibe tsatanetsatane ndi awiri okha, osati 17.

Tsono m'mahandova musalembe kuti "matumba 17 asowa m'manja mwa wosunga katundu". Lembani mmene zinthu zilili: buku likuti 412, tawerenga pa tsiku lakuti tapeza 395, matumba 6 anapita kwa alimi akutiakuti ngati mbewu molamulidwa ndi a wapampando, matumba pafupifupi 9 ndi kuuma kwa mpunga wa mu June malinga ndi kaundula wa chinyezi tsamba lakuti, awiri sitinapeze chifukwa chake ndipo nkhaniyi ndaipereka ku bodi. Wowerenga aliyense angathe kutsatira yekha osafuna kukuimbirani foni.

Chia_Boy:
Koma awiriwo ndi matumbabe akulu. Ndi ndalama zimenezo.

Akawunti_Kaphatenga:
Zoona, n'chifukwa chake ndati alembedwe. Koma kulemba kuti awiri sakudziwika ndi kulemba kuti uje ndi wakuba ndi zinthu zosiyana kwambiri.

NaBanda_Lifuwu:
Masamuwo ndi abwino ngati chinyezicho chinalembedwa tsiku logula. Ngati chili m'mutu mwa mayiwo mokha, wolowa kumeneyo adzati angopeka manambala kuti atchinjirize mnzawo. Mayi, munalemba?

Mai_wa_Linga:
Masiku ambiri tinalemba m'buku logulira. Pali sabata imodzi imene kachipangizoko kanatha batire, anyamata ankangoluma mpunga ndi mano.

NaBanda_Lifuwu:
Ndiye nenani zomwezo, kuti sabata yakuti palibe muyeso. Osabisa. Ine nkhani yanga ndi iyi. Ndinalowa m'malo mwa munthu pa malo ena ogula mpunga kuno ku Salima. Anandisiyira masamba ambiri ndithu olembedwa bwino, mipando ingati, mashelefu angati. Nditakhala pang'ono kunabwera amayi ndi mabasiketi awo kuti tabwera kudzatenga mpunga wathu. Mpunga wanu uti? Kunapezeka kuti pa mulu umene ndinauwerenga ngati wa kampani panali matumba a alimi amene anangosungitsa kudikira mtengo ukwere, ndipo ine ndinali nditagayitsa ena n'kugulitsa. Tinabweza ndi ndalama pa mtengo wa nthawi imeneyo, umene unali utakwera kale. Mayi, pa 395 amenewo, onse ndi a kopaletivi?

Mai_wa_Linga:
Ayi. Matumba 60 ndi a mamembala amene anasungitsa. Ali ndi zizindikiro za penti, ife tonse timawadziwa.

NaBanda_Lifuwu:
Inu mumawadziwa, iye sawadziwa. Tsamba lapadera: dzina la mlimi, matumba angati, mtundu wake, Kilombero kapena Faya, chizindikiro chake, ndi ndalama yosungira ngati amalipira. Ndipo musunthe matumbawo akhale mulu wawo musanachoke.

Mlonda_wa_Nkhono:
Inu mukuti Kilombero. Masiku ano weniweni alipo? Umene ndinagula pa Dwangwa mwezi watha fungo lake silinamveke n'komwe.

Chia_Boy:
Mavenda amasakaniza. Pamwamba Kilombero, pansi wina.

Dada_Benga:
Si mavenda okha ayi. Mbewu ikabzalidwa chaka ndi chaka osasankha imasakanikirana m'munda momwemo. Komanso wokhalitsa fungo limachepa.

Mlonda_wa_Nkhono:
Ndiye wabwino ndikagule kuti?

Gogo_Sungani:
Ana inu, za fungo tsegulani nkhani yanu ina. Mayiwa atsala ndi masabata ochepa.

Ndibwerere kwa anthu, chifukwa pamenepo ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ine ndinagwira ntchito yoyang'anira antchito pa esiteti mpaka kupuma, ndipo ndawerenga mahandova ambiri. Ena amalemba kuti "uyu ndi waulesi, uyu ndi wamiseche, uyu musamukhulupirire". Pepala limenelo silikhala kwa munthu mmodzi. Limalowa m'fayilo, kalaliki amaliona, tsiku lina limatulukira ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la zantchito. Lamulo lathu la zantchito la 2000 limanena kuti munthu asachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Manijala watsopano akakhulupirira mawu anu n'kuchotsa munthu popanda kumumva, kopaletivi idzalipira, ndipo pepala lanu ndi limene lidzawerengedwe pagulu.

Cholemba pa munthu aliyense ndi zimene zingathe kutsimikizika. Ntchito yake yeniyeni, osati dzina la udindo lokha. Analembedwa liti, ndi wokhazikika kapena wa nyengo. Masiku a tchuthi amene sanatenge, pakuti wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ayenera kulandira masiku 18 pa chaka, ndipo akaunjikana imakhala ngongole ya kopaletivi. Ngongole ya malipiro imene akudulidwa, yatsala zingati. Ngati analandira chenjezo lolembedwa, tsiku lake ndi pamene kalatayo ili. Ngati sanalandirepo, musamupatse chenjezo kudzera m'mahandova iye osadziwa.

Ndipo pali chimodzi chimene anthu amaiwala: ndani amadziwa chinthu chimene wina aliyense sachidziwa. Pa chigayo chilichonse pamakhala munthu mmodzi amene amamva ndi khutu kuti makina ayamba kudwala. Lembani dzina lake. Lembaninso kuti akadwala iyeyo palibe womugwirira, chifukwa chimenecho ndi chiopsezo chachikulu kuposa matumba awiri.

Mphunzitsi_Mwansambo:
Agogo, ndikumva, koma sindikugwirizana nanu kwathunthu. Ine nditalandira sukulu kuchokera kwa amene anachoka, anandilembera zoyera zokhazokha. Patapita miyezi ndi pamene ndinazindikira kuti anthu awiri pa sitafu sayankhulana, ndipo ine ndinawaika mu komiti imodzi ya mayeso. Akanandiuza, ndikanapewa. Zamakhalidwe nazo n'zofunika.

Gogo_Sungani:
N'zofunika aphunzitsi, sindikukana. Koma zimenezo zimanenedwa pakamwa, awiri mutakhala pansi, ndipo munene kuti awa ndi maganizo anga, mudzaona nokha. Pa pepala mukhoza kulemba kuti "ntchito imayenda bwino uje ndi uje akakhala mashifiti osiyana". Mwamuthandiza popanda kunyoza munthu.

Mphunzitsi_Mwansambo:
Nanga ngati wochokayo ndi wolowayo sakumana? Kwathu kuno nthawi zina umafika mnzako atapita kale.

Gogo_Sungani:
Pamenepo foni ilipo. Komabe pa pepala ine sindingalembe.

Chia_Boy:
Ine ndikuonabe kuti mukuwatchinjiriza bambo aja. Wolowayo ali ndi ufulu wodziwa kuti mayiwa akukayikira.

Mai_wa_Linga:
Achimwene, kunena zoona, nditaona masamu a a Akawunti kukayika kwanga kwachepa kwambiri. Chimene ndingalembe motsimikiza n'chakuti makiyi a nyumbayo ali awiri, ena kwa iwo, ena kwa ine, ndipo palibe buku losonyeza amene watsegula Loweruka.

Akawunti_Kaphatenga:
Chimenecho ndiye chiopsezo choyenera kulemba. Vuto lili pa dongosolo la makiyi, ndipo wolowayo angalikonze sabata yake yoyamba.

Tsopano malonjezo a pakamwa aja. Tatipatseni chitsanzo chimodzi, osatchula maina.

Mai_wa_Linga:
Pali wogula wina wa ku Lilongwe amene anatipatsa ndalama pasadakhale, theka la mtengo wa matumba 100 a mpunga wopuntha. Tamupatsa 70. Otsala 30 tinagwirizana pa foni kuti adzatenga mwezi wamawa pa mtengo wakale. Lisiti ya ndalamayo ilipo, koma za mtengo wakalewo sizinalembedwe. China, a wapampando analonjeza alimi amene anatenga mbewu aja kuti adzabweza thumba ndi theka pa thumba lililonse akakolola, koma alimi ena akuti anamva thumba limodzi.

Akawunti_Kaphatenga:
Nkhani iliyonse yosatha iyankhe mafunso awa: yafika pati lero, tikuchita ndi ndani, chotsatira n'chiyani, pofika liti, ndipo pepala lake lili kuti. Ya wogulayo ingalembedwe chonchi. "Bambo akutiakuti analipira ndalama zakuti pa tsiku lakuti, lisiti nambala yakuti. Atenga matumba 70, atsala 30 a makilogalamu 50. Tinagwirizana mtengo wakuti pa thumba. Adzatenga sabata yachiwiri ya mwezi wamawa. Kuti 30 amenewa atuluke pafunika kugaya matumba a mpunga wosapuntha pafupifupi 47, choncho musawagulitse kwina." Nambala 47 ndaitenga poyerekeza kuti thumba la 50 likukupatsani makilogalamu 32, inu muike zimene makina anu akutulutsa.

Koma musangolemba kuti palibe pepala. Pepalalo lipangeni panopa mudakali pa mpando. Mutumizireni wogulayo uthenga pa WhatsApp wofotokoza zimene munagwirizana, ayankhe kuti inde, musindikize muike m'fayilo. Inu mukachoka, iye akhoza kunena mtengo wina uliwonse, ndipo mnyamatayo adzakhala wopanda choyankha.

Dada_Benga:
Za wogula n'zosavuta. Za a wapampandozo ndiye minga. Mukalemba kuti analamula pa foni matumba atuluke, mwawayalutsa, ndipo ndi omwewo adzakulembereni kalata ya umboni ku ntchito yatsopano. Ine ndikanangomunong'oneza mnyamatayo.

NaBanda_Lifuwu:
Ayi bambo. Kunong'oneza sikuthandiza pa tsiku limene alimi adzabwere ndi thumba limodzi m'malo mwa limodzi ndi theka. Iye adzati mayi aja anandiuza, a wapampando adzati sindikukumbuka. Mapeto ake mlandu udzagwera mayiwa ali ku Lilongwe.

Gogo_Sungani:
Njira ilipo yosayalutsa munthu. Mayi, pitani kwa a wapampando nokha. Muwauze kuti bambo, ndikulemba mahandova, nkhani ya mbewu ija tiilembe bwanji kuti mwana akubwerayu asavutike nayo. Apempheni kuti pa msonkhano wa bodi wotsatira ailowetse m'maminitsi ngati ngongole ya mbewu imene bodi yavomereza. Ikalowa m'maminitsi, inu mungolemba nambala ya minitsiyo. Ndipo alimiwo aitanidwe musanachoke, pamaso pa inu, a wapampando ndi wolowayo, amve onse kuti kubweza ndi kungati, asayine kapena adinde chala. Kukolola kuli pafupi, ikafika May nkhani isanamveke idzavuta.

Dada_Benga:
Nanga akakana kuilowetsa m'maminitsi?

Gogo_Sungani:
Akakana, mayiwa alembebe zimene zinachitika, mwaulemu, ndi tsiku lake. Matumba anatuluka iwo ali manijala, sangasiye mpata pamenepo.

Dada_Benga:
Kunena n'kosavuta agogo. Ine ndikuona kuti adzadana nawo.

Wamakina_KK:
Palibe amene wanena za makina. Mayi, lembani tsiku limene munasintha komaliza malola a labala amene amachotsa makoko a mpunga, ndi kumene mumawagula. Mpunga ukayamba kusweka kwambiri ndi malola basi, asakavutike kufufuza zina.

NaBanda_Lifuwu:
Si malola okha achimwene. Mpunga wouma mopitirira, kapena umene unauma n'kunyowanso ndi mame, umasweka ngakhale malola ali atsopano. Akangokhulupirira malola adzawononga ndalama.

Wamakina_KK:
Chabwino, koma ayambe waona malola. Ndipo alembe zimene thumba limatulutsa makina ali bwino. Ngati ndi 32, tsiku limene adzaone 29 adziwe kuti china chalakwika, kaya makina, kaya sikelo, kaya manja a munthu. Alembenso kuti magetsi akazima mota isayatsidwe msanga akangobwera, mpaka waona kuti mafezi, mawaya onse atatu obweretsa magetsi, ali ndi moto. Mota ikayenda ndi awiri imapsa.

Mai_wa_Linga:
Zimenezi ndimangozidziwa, sindinaganize zolemba. Zalowa. Sikelo nayonso chidindo cha a MBS, bungwe loona za miyezo, chikutha miyezi ikubwerayi, ndilemba tsiku lake.

Akawunti_Kaphatenga:
Ziwiri zomaliza kwa ine, zonse za ndalama. Simu imene ogula amatumizirako ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, inalembetsedwa m'dzina la ndani?

Mai_wa_Linga:
Langa. Tinayamba choncho kalekale.

Akawunti_Kaphatenga:
Musangomupatsa simuyo ndi nambala yachinsinsi. Chilichonse chodzachitika pamenepo chidzakhala m'dzina lanu, ndipo ikatayika iye sangaibwezeretse popanda chiphaso chanu. Kopaletivi itsegule yakeyake, ndalama zotsala zisamutsidwe pa tsiku lodziwika, ndipo ogula onse auzidwe nambala yatsopano. Ku banki nakonso, kusintha osayinira kumafuna chigamulo cha bodi cholembedwa ndi ziphaso za wolowayo, ndipo sikutha tsiku limodzi. Mukayamba mochedwa, mwezi udzatha popanda wosayinira malipiro.

Kenako mumulembere masiku osaphonya. Msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito umapita ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Penshoni, 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 peresenti ya wantchito, nenani mwezi womaliza umene munapereka. Ngati pali miyezi yotsalira, ilembeni pamwamba penipeni pa tsamba loyamba. Tsamba loyambalo likhale la zinthu zimene zingapse m'masiku 30 oyamba, zina zonse zibwere pambuyo. Mapasiwedi musalembe m'mahandova, mupatseni padera ndipo asinthe tsiku lomwelo.

Mphunzitsi_Mwansambo:
Ndiye chikalatachi chikhala buku lonse. Adzawerenga?

NaBanda_Lifuwu:
Tsamba loyamba adzawerenga. Enawo adzawafuna tsiku la vuto. Chachikulu n'chakuti matumba awerengedwe pamodzi, iye ali pomwepo, wosunga katundu ali pomwepo, ndi mmodzi wa bodi, onse asayine. Mulu uliwonse auone mpaka mkati, ndipo matumba angapo akwere sikelo. Asasayine nambala imene sanaiwerenge yekha. Makope atatu: lake, la bodi, ndi lanu mayi, mupite nalo.

Mai_wa_Linga:
Ndabwerako kwa a wapampando. Avomera kuti alimi aitanidwe Lachinayi likudzali, ndipo za simu ndi banki akuti zilowe pa msonkhano wa bodi womwewo. Za kulemba mbewu ija m'maminitsi sanayankhe bwinobwino, akuti aganizire kaye. Wogula wa ku Lilongwe wayankha uthenga, wavomera mtengo ndi matumba 30. Ndakhalanso pansi ndi bambo osunga katundu, ndawawerengera ndime yonena za matumba mmene ndailembera. Akuti awiri otsalawo mwina ndi aja ananyowa denga litadontha mu January, tinawatsanula n'kusakaniza ndi ena, koma sanalembe. Ine ndikukumbuka kudonthako, za matumbawo sindingatsimikize.

Gogo_Sungani:
Lembani kuti malinga ndi iwo zinayenda choncho, ndipo palibe cholembedwa. Dengalo linakonzedwa?

Mai_wa_Linga:
Anangomata phula. Malata awiri a kumbali ya kunyanja akufunika kusintha mpunga watsopano usanalowe.

Gogo_Sungani:
Limenelo liikeni pa tsamba loyamba, ndi dzina la mmisiri amene anakwerapo.

Chia_Boy:
Ine za denga sizinandikhutiritse, koma bodi ione yokha. Lachinayi mudzatiuze zimene alimi anena.